Mwana wa 91 wapeza F: ndibwerere ku IF kapena ndipitirize ndi VLOOKUP?

*Ndimaphunzitsa pa sekondale ina yoyendera ku Kawale, ndipo ahedi anandipatsa udindo wosunga malikisi a Fomu 2 mu Excel. Pasukulu pathu A amayambira pa 80, B pa 70, C pa 55, D pa 40, otsikira pamenepo ndi F. Amene ndinalowa m'malo mwawo anasiya fomula ya IF yaitali ngati njanji. Mnzanga anandiuza kuti ndilembe katebulo n'kugwiritsa ntchito VLOOKUP yokhala ndi TRUE. Nditayesa, mwana wa 91 wapeza F, ena ambiri akungotuluka #N/A. Ndibwerere ku IF, kapena ndalakwitsa pati?*

*Mphunzitsi wa ku Kawale*

Aphunzitsi, musabwerere. Mnzanuyo anakulangizani bwino, anangoiwala kukuuzani chinthu chimodzi. Ngakhale sindinaone fayilo yanu, ndikhoza kulumbira kuti tebulolo mwalilemba monga timalembera pabolodi ndi kuseri kwa lipoti: A pamwamba, F pansi. Ndi mmene tonse tinazolowerera. VLOOKUP yokhala ndi TRUE imafuna kuti manambala ayambire pa yaing'ono n'kumakwera potsika pansi. Litembenuzeni likhale chonchi, kuyambira pa selo H2 mpaka I6:

```
H     I
0     F
40    D
55    C
70    B
80    A
```

Ngati malikisi a mwana woyamba ali mu D2, lembani mu E2:

```
=VLOOKUP(D2,$H$2:$I$6,2,TRUE)
```

Kenaka kokerani fomulayo pansi mpaka mwana womaliza. F wa mwana wa 91 uja athera pomwepo. Koma ndikufuna mumvetse chifukwa chake, popeza mukachimvetsa simudzasowanso wokukonzerani.

Mu kolamu H timalembamo malire apansi okha, kutanthauza nambala imene giredi iliyonse imayambira. Sitilembamo "70-79" ayi. Mukalemba choncho Excel imaona ngati mawu chabe, ndipo singayerekeze mawuwo ndi malikisi. Ntchito ya TRUE ndi kuuza Excel kuti: ukapanda kupeza nambala yeniyeniyo, tenga yaikulu kwambiri mwa zimene sizikuiposa. Mwana wa 63 mu tebulo mulibe. Manambala osaposa 63 ndi 0, 40 ndi 55, ndipo yaikulu mwa izi ndi 55, choncho apeza C. Zili ngati masitepe: mwana amakwera mpaka sitepe yomaliza imene malikisi ake angafikire, n'kuima pomwepo. Ambiri amaganiza kuti TRUE imatenga nambala yoyandikira kwambiri. Sichoncho. Wa 69 wayandikira kwambiri 70 kuposa 55, koma apezabe C, ndipo ndi zimene tikufunazo. Nambala 2 ya mu fomula ikungonena kuti yankho lichokere mu kolamu yachiwiri ya tebulo.

Tsono chifukwa chimene dongosolo la manambala lili lofunika ndi ichi. Pofufuza ndi TRUE, Excel siwerenga mzere ndi mzere kuchokera pamwamba. Imachita monga timachitira pofuna mawu mu dikishonale: imatsegula pakati, n'kuona ngati ipite kutsogolo kapena ibwerere m'mbuyo, kenaka n'kutsegulanso pakati pa mbali yotsalayo. Imakhulupirira kuti manambala akukwera, ndipo siyang'ana ngati n'zoona. Tiyeni titsatire mwana wanu wa 91 mu tebulo lozondoka la 80, 70, 55, 40, 0. Excel ifika pakati, ipeza 55. Popeza 91 ikuposa 55, iganiza kuti zazikulu zili mmunsi, itsika. Ipeza 40, itsikanso. Ipeza 0, tebulo latha, ndiye ipereka zimene zili pambali pa 0, yemwe ndi F. Mwana wa 45 naye: pakati pali 55, yomwe yamukulira, ndiye Excel ikwera kukafuna zazing'ono. Kumwambako ipeza 70 ndi 80, zonse zomukulira, ilephera, n'kulemba #N/A. Ndiye chithunzi chimene mwaonacho: opambana onse F, otsikira pa 55 onse #N/A. Ukaona chizindikiro chimenechi pa fayilo ya wina aliyense, usayambe n'komwe kuwerenga fomula, yang'ana tebulo.

Chodetsa nkhawa apa n'chakuti F uja si uthenga wa vuto. Ndi giredi yooneka bwinobwino, imene ingasindikizidwe n'kupita kwa makolo. Inu munaigwira chifukwa mwana wa 91 mukumudziwa. Tebulo likangosokonekera mzere umodzi wokha, mwachitsanzo 70 kukhala pamwamba pa 55, pafupifupi ana onse a 55 mpaka 79 amalakwiridwa popanda #N/A, ndipo palibe amene amazindikira.

Zizindikiro za $ zija musazisiye. Zimakhoma tebulo kuti lisasunthe pamene mukukoka fomula. Mukazisiya, mzere woyamba uyenda bwino, koma wachiwiri uyang'ana H3:I7, ndipo mzere wa 0 ndi F watuluka kale. Wachitatu utaya D. Pofika pa mwana wachisanu ndi chimodzi, fomula ikuyang'ana maselo opanda kanthu, ndipo kuchokera pamenepo ndi #N/A yokhayokha mpaka pansi. Kusiyana kwake ndi vuto la tebulo lozondoka n'kwakuti apa mizere yoyambirira imakhala yolondola, zinthu n'kumaipa mukamatsika. Poika zizindikirozi simufunika kuzilemba chimodzichimodzi: sankhani H2:I6 mkati mwa fomula n'kudina F4, kapena Fn pamodzi ndi F4 pa malaputopu ena.

Tsopano za fomula ya anzanu amene anachoka aja. Sindikufuna kuinyoza, chifukwa IF ya mkati mwa IF inzake imagwira ntchito ndithu ikalembedwa bwino. Ya malire anu imayenera kuoneka chonchi:

```
=IF(D2>=80,"A",IF(D2>=70,"B",IF(D2>=55,"C",IF(D2>=40,"D","F"))))
```

Magiredi asanu amafuna ma IF anayi, ndipo womaliza, F, amangotola otsala. Excel imafunsa mafunso motsatana n'kuima pa funso loyamba limene yankho lake ndi inde. N'chifukwa chake pano dongosolo ndi losiyana ndi la tebulo: ndi chizindikiro cha >= timayambira pamwamba kutsika. Wina akayambira pa D2>=40, aliyense wokhoza apeza D, ngakhale wa 100, chifukwa funso loyambalo lamukola kale ndipo enawo safunsidwa n'komwe. Kulakwitsa kwina kofala ndi kulemba > m'malo mwa >=. Pamenepo wolakwiridwa ndi mwana amene wagwera pamalire penipeni, wa 80 kapena wa 40, ndipo m'kalasi mwina alipo awiri okha, choncho cholakwikacho chimatha chaka osaonekera.

Mwati fomula yawo ndi yaitali ngati njanji, ndiye ndikukayikira kuti anaika AND pa giredi iliyonse, monga AND(D2>=70,D2<=79) ya B ndi AND(D2>=80,D2<=100) ya A. Kalembedwe kameneka kamatsanzira zolembedwa kuseri kwa lipoti, koma kamasiya mpata pakati pa 79 ndi 80. Mwana wa 79.6 sali mu B, sali mu A, ndiye amagwera mpaka kumapeto kwa fomula n'kutenga chimene chili kumeneko, kawirikawiri F. Tebulo lilibe mipata yotere, chifukwa giredi iliyonse imathera pomwe inzake yayambira.

Komabe chimene ndimakanira IF pa ntchito ngati yanu si kutalika kwake. Excel ya kuyambira 2007 imalola kulowetsa ma IF mpaka 64 mkati mwa anzawo, choncho malo alipo. Vuto ndi loti malire amabisika mkati mwa fomula, ndipo amakhala atakopedwa mu selo iliyonse. Tiyerekeze kuti muli ndi ana 240 m'makalasi anayi, aliyense ndi maphunziro 10. Ndi maselo 2,400, ndipo mu iliyonse muli 80, 70, 55 ndi 40. Tsiku lina pa msonkhano wa aphunzitsi mwagwirizana kuti C aziyambira pa 60. Muyenera kukonza fomula n'kuikoka pa kolamu iliyonse, pa tsamba lililonse. Mukaiwala tsamba limodzi, mwana wa 57 wa Fomu 2A apeza D pomwe mnzake wa 57 wa Fomu 2C apeza C, ndipo poyang'ana ndi maso simungaone kusiyana kwa masamba awiriwo. Ndi tebulo mumasintha selo imodzi, 55 kukhala 60, basi. Ahedi akafunsa kuti kodi malire amene tikugwiritsa ntchito ndi ati, mumawalozera tebulo, amawerenga okha popanda kuwerenga mabulaketi.

Ndiponso udindo umenewu sudzathera pa Fomu 2. Akadzakupatsani Fomu 3 ndi Fomu 4, kumene masukulu amatsanzira magiredi a MSCE a 1 mpaka 9, IF idzafuna mafunso 8 ndi mabulaketi 8 otsekera kumapeto. Tebulo lidzangotalika kukhala mizere 9, fomula osasintha kapangidwe. Kumbukirani kokha kuti dongosolo limene VLOOKUP imafuna ndi la kolamu ya malikisi. Kolamu ya magiredi iyambira pa 9 kutsika mpaka 1, ndipo zimenezo zilibe vuto.

Pali chinthu china chimene chinanditsegula maso ine mwini, ndipo ndichedwapo pang'ono. Zaka zapitazo ndinkathandiza sukulu ina kuno ku Lilongwe kukonza malipoti a kumapeto kwa teremu. Mtsikana wina anadwala malungo sabata ya mayeso, osalemba masamu. Aphunzitsi a masamu, mwachizolowezi, analemba ABS mu selo ya malikisi ake. Fomula inali ya IF, yolembedwa molondola ngati ili pamwambayi. Lipoti linatuluka ndi A pa masamu. Amene anatulukira ndi mayi ake, amene anabwera ku ofesi ali ndi lipoti m'manja n'kufunsa mwaulemu kuti, "Kodi aphunzitsi, mwanayu mayesowa analembera kuchipatala?" Ndinachita manyazi, chifukwa fayiloyo ndinali nditaiyang'ana ndekha n'kunena kuti ili bwino.

Chimene chinachitika n'chakuti Excel ikamayerekeza mawu ndi nambala, imatenga mawu alionse kukhala aakulu kuposa nambala iliyonse. Funso loti kodi ABS ndi wofika pa 80, yankho lake kwa Excel ndi inde. Ndiye IF yoyamba yomweyo ipereka A. Mungayese nokha: lembani ABS mu D2 muone. Ndipo si ABS yekha. Kamzere kamene ena amaika posonyeza kuti palibe malikisi kamachitanso chimodzimodzi. Choopsa kwambiri ndi nambala imene yasungidwa ngati mawu. Izi zimabwera aphunzitsi akakutumizirani malikisi pa WhatsApp kapena mu Word inu n'kungowakopera, kapena selo ikakhala kuti inaikidwa pa Text. Pamaso panu ndi 32, koma kwa Excel ndi mawu, ndiye mwana wa 32 apeza A. Mungaizindikire chifukwa imatsamira kumanzere kwa selo pomwe manambala enieni amatsamira kumanja, ndipo nthawi zambiri pakona pake pamakhala kachizindikiro kobiriwira. Mukasankha maselowo n'kudina pa kachenjezo kachikasu kamene kamatuluka, mupeza Convert to Number.

VLOOKUP ikakumana ndi zomwezi imalemba #N/A, chifukwa mu kolamu ya manambala mulibe mawu oti iyerekeze nawo. Ambiri amadana ndi #N/A chifukwa amanyansitsa tsamba, koma ine ndimamukonda. Akukuuzani kuti apa pali kanthu, bwerani mudzaone. Pachifukwa chomwecho musafulumire kukulunga fomula yanu mu IFERROR kuti tsamba lioneke loyera. IFERROR imameza zolakwika zonse osasankha, kuphatikizapo tebulo losuntha ndi lozondoka lija, ndipo mudzangoona maselo opanda kanthu osadziwa chifukwa chake.

Pa selo yopanda kanthu njira zonse ziwiri zimalakwa mofanana: zimaiwerenga ngati 0 n'kupereka F. Mwana amene aphunzitsi ake sanabweretse malikisi amaoneka ngati walephera. Choncho njira iliyonse imafuna mlonda pakhomo, ndipo apa ndi pamene IF imagwira ntchito yake yeniyeni. Tisanafike pa mlondayo, tione kaye nkhani ya madesimo, chifukwa mankhwala ake ndi amodzi.

Tiyerekeze kuti malikisi a mu D amachokera ku mayeso awiri, onse owerengera pa 100: apakati pa teremu mu B, amene amatenga magawo 40, ndi otsiriza mu C, amene amatenga magawo 60. Mwana wapeza 38 ndi 41. Kuchulukitsa 38 ndi 0.4 kumapereka 15.2, ndipo 41 ndi 0.6 kumapereka 24.6, zonse pamodzi 39.8. Wina anadina kabatani kochotsa madesimo kuti tsamba lioneke bwino, ndiye selo ikuonetsa 40. Koma kabataniko kamangosintha maonekedwe, mkati mukadali 39.8, ndipo fomula imawerenga zamkatizo. Lipoti lituluka: malikisi 40, giredi F, pomwe kuseri kwake kwalembedwa kuti D amayambira pa 40. Kholo likabwera ndi lipoti limeneli simungalitsutse. Kumwamba n'chimodzimodzi: 73 ndi 84 zimapereka 29.2 kuphatikiza 50.4, yomwe ndi 79.6, yooneka ngati 80 koma yolandira B. IF ndi VLOOKUP onse amachita zimenezi, palibe wopulumuka.

Funso loti 39.8 ikhale 40 kapena ayi si la Excel, ndi la sukulu. Kafunseni ahedi kapena a komiti ya mayeso, agamule, ndipo chigamulocho chigwire ana onse mofanana. Akati tizikwezera ku nambala yathunthu yoyandikira, chitani zimenezo mu kolamu ya malikisi momwemo, kuti nambala yosindikizidwa ndi nambala yopatsidwa giredi ikhale imodzi. Akakana, onetsani desimo imodzi pa lipoti kuti kholo lione 39.8 ndi maso ake. Chosayenera ndi kuonetsa china n'kuwerengera china. Ngati avomera, mu D2 lembani:

```
=IF(COUNT(B2:C2)=2,ROUND(B2*0.4+C2*0.6,0),"")
```

COUNT imawerenga maselo okhala ndi manambala enieni okha. Ngati mayeso amodzi akusowa, kapena muli ABS, kapena muli nambala yosungidwa ngati mawu, siifika pa 2, ndipo D2 ikhala yosaonetsa kanthu. ROUND ikweza 39.8 kukhala 40, 79.6 kukhala 80, ndipo 79.4 itsikira pa 79. Ya pakati penipeni, monga 79.5, imakwera. Tsono mu E2:

```
=IF(ISNUMBER(D2),VLOOKUP(D2,$H$2:$I$6,2,TRUE),"")
```

Taonani kuti IF sinachoke. Yangosiya ntchito yosankha giredi n'kutenga ntchito yofunsa funso limodzi: kodi muli nambala? Chenjerani pano: D2 yooneka yopanda kanthu ija kwenikweni ili ndi mawu opanda chilembo, amene zizindikiro ziwiri za "" zimaimira. Mukaiphatikiza ndi fomula yakale ya ma IF anayi popanda ISNUMBER, ana onse osalemba mayeso apeza A, monga mtsikana wa malungo uja. Ngati mukufuna kuti malo otere azikukumbutsani, m'malo mwa "" womaliza mu E2 ikani "ONANI".

Chotsatira ndi malo a tebulo. Ndakuikirani pa H2 kuti tione zonse pa tsamba limodzi, koma musalisiye pamenepo. Tsiku lina mwana wa pa mzere 4 adzasamukira ku Likuni kapena ku Mchinji, inu mudzachotsa mzere wake wonse, ndipo mzere wa 55 ndi C udzapita nawo. Excel sidzadandaula. Tebulo lidzangofupika, likadali mu dongosolo, ndipo onse a 55 mpaka 69 adzasanduka a D mwakachetechete. Ndiye tsegulani tsamba lapadera, lembani tebulo kumeneko, sankhani maselo ake popanda mitu ya pamwamba, ndipo mu kabokosi ka kumanzere kwa malo olembera fomula, kamene kamaonetsa dzina la selo, lembani Magiredi n'kudina Enter. Kuyambira pamenepo fomula ikhala yowerengeka, ndipo za $ zatha:

```
=IF(ISNUMBER(D2),VLOOKUP(D2,Magiredi,2,TRUE),"")
```

Masamba onse, 2A mpaka 2D, aziyang'ana tebulo limodzi lomweli. Mukaonjezera kolamu yachitatu ya ndemanga pa giredi iliyonse n'kuiphatikiza mu dzina lija, fomula yomweyo ndi 3 m'malo mwa 2 ikulemberani ndemanga za pa lipoti. Ndi IF mukanalemba njanji yachiwiri.

Ndikadakhala inu ndikanaonjezeranso mzere umodzi pansi pa tebulo, wa 101 ndi mawu oti ONANI, n'kuuphatikiza mu dzina lija la Magiredi. Chala chikaterereka n'kulemba 850 m'malo mwa 85, kapena 411 m'malo mwa 41, njira zonse ziwiri zimapereka A mosakayika, chifukwa nambalayo yadutsa 80. Mzere wa 101 umagwira zimenezi. Sugwira zonse, chifukwa 150 yolakwika mu B ikhoza kusungunuka mu kuphatikiza n'kutuluka yosaposa 100. Zimenezo zimatsekedwa ndi Data Validation pa makolamu B ndi C, poilamula kuti izilola manambala a pakati pa 0 ndi 100 okha. Dziwani kuti imagwira zolembedwa ndi dzanja, zokopera kwina zimatha kudutsa.

Tebulo nalo lili ndi msampha wake, ndipo sindikubisirani. Ubwino womwe uja woti selo imodzi imasintha zonse ndi umene ungakupwetekeni. Ngati Teremu 1 ndi Teremu 2 zili mu fayilo imodzi, ndipo mwasintha malire a C mu Teremu 2, magiredi a Teremu 1 nawonso asintha, pomwe malipoti ake ali kale m'nyumba za makolo. Choncho malipoti akangosainidwa, sankhani kolamu ya magiredi, ikopeni, n'kuibwezera pomwepo ndi Paste Special, Values. Mafomula achoka, zilembo zitsala zouma. Kapena teremu iliyonse ikhale ndi fayilo yake ndi tebulo lake. Muthanso kukhoma tsamba la tebulo ndi Protect Sheet, popeza fayilo imeneyi imayenda m'manja ambiri pa fulashi.

Wina adzakuuzani kuti zonsezi n'zachikale, mugwiritse ntchito XLOOKUP kapena IFS. XLOOKUP ndi yabwino ndithu: mukaika -1 pa malo a kafufuzidwe imatenga nambala yofanana kapena yotsikirapo, ndipo sidandaula ngakhale tebulo litayambira pa A. Koma imapezeka kuyambira mu Excel 2021 komanso mu Microsoft 365, ndipo IFS inayamba ndi Excel 2019. Kompyuta ya mu ofesi ya ahedi ikakhala ya Excel 2010 kapena 2016, fomula idzaoneka ndi _xlfn. kutsogolo kwake, ndipo ikangowerengedwanso idzatulutsa #NAME? kolamu yonse, mwina tsiku losindikiza lomwelo. IFS nayo sichotsa vuto lenileni, malire amakhalabe obisika mu fomula. VLOOKUP imatseguka paliponse: Excel yakale, LibreOffice, Google Sheets, ngakhale pa foni. Kanthu kena kakang'ono: laputopu imene inakonzedwera ku Joni ikhoza kukana mafomula ndalembawa chifukwa imafuna chizindikiro cha ; pamalo pa koma, ndipo desimo imalembedwa 0,4. Ikakana, yambani mwayesa zimenezo.

Nanga TRUE uja, bwanji osangomusiya? Mukasiya malo achinayiwo, VLOOKUP imachitabe ngati mwalemba TRUE, koma lembani ndithu kuti wobwera pambuyo panu adziwe kuti munachita dala. Mukalemba FALSE ifuna nambala yeniyeni, ndipo okhawo amene apeza 0, 40, 55, 70 kapena 80 ndendende ndi amene alandire giredi. FALSE ali ndi malo ake, monga pofufuza dzina la mwana ndi nambala yake ya mayeso, ndipo kumeneko TRUE ndiye woopsa chifukwa angakupatseni mwana woyandikana naye.

IF ndimaisiyira pamene mayankho ndi awiri okha, wakhoza kapena walephera, kapena pamene chigamulo chikudalira zinthu ziwiri zosiyana. Chitsanzo ndi lamulo loti mwana akhoze maphunziro asanu ndi limodzi kuphatikizapo Chingerezi, monga zimakhalira pa satifiketi ya MSCE. Apo palibe nambala imodzi yoti muifufuze mu tebulo, mukufunika IF ndi AND, COUNTIF n'kuwerenga maphunziro okhoza.

Musanasindikize lipoti ngakhale limodzi, pangani tsamba loyesera. Musayese ndi 50 kapena 90, manambala apakati salakwa kawirikawiri. Lembani mu kolamu D manambala a pamalire ndi oyandikana nawo: 0, 39, 40, 54, 55, 69, 70, 79, 80, 100, kenaka 101, selo yopanda kanthu, ndi ABS. Kokerani fomula pambali pake. Muyenera kuona F, F, D, D, C, C, B, B, A, A, kenaka ONANI, ndipo ziwiri zomalizazo zisakhale ndi giredi. Popeza fomula yakale ikadalipo, iikeni mu kolamu F pambali pa yatsopano pa malikisi enieni a kalasi, ndipo mu G lembani =E2=F2 n'kukokera pansi. Paliponse pamene patuluke FALSE, imani muone amene akulakwa pa awiriwo. Ngati fomula yakale ili ndi mpata wa AND uja, kapena m'kalasi muli ABS, mudzapeza ana amene anapatsidwa giredi yolakwika teremu yatha, ndipo mainawo mupite nawo kwa ahedi musanawakonze.

Chomaliza ndi kuwerenga mitu. Ngati m'kalasi muli ana 60 pa mizere 2 mpaka 61, werengani giredi iliyonse motere, n'kusintha chilembo kasanu:

```
=COUNTIF(E2:E61,"A")
```

Phatikizani zisanuzo. Zikakwana 57, payenera kukhala ana atatu amene mukuwadziwa ndi maina kuti sanalembe mayeso kapena malikisi awo sanafike. Mukapeza awiri okha, wachitatuyo mufufuzeni mu B ndi C, ndipo nthawi zambiri mupeza nambala yotsamira kumanzere.